Wobetcha wa phindu angaluze motsatizana mpaka liti?

M'mphepete mwa nyanja ku Salima, kuchokera ku Lifuwu kudzera ku Senga Bay mpaka ku Chipoka, kubetcha mpira kwazika mizu. Ena amakadula tikiti pa kauntala ku Kamuzu Road, koma ambiri masiku ano amabetchera pa foni, ndalama n'kumadutsa pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Unyinji wa anthuwa umaluza, chifukwa malondawa anakonzedwa kuti kampani izitsala ndi kangachepe pa tikiti iliyonse. Komabe alipo ochepa amene amawerengera, amalemba mabeti awo m'kope, ndipo amakhulupirira kuti amaona zimene kampani siinaone. Munthu wotere akaluza masabata angapo motsatizana amadzifunsa ngati luso lake latha, ngati analibe luso n'kale, kapena ngati ndi nyengo chabe yomwe idzapita. Masamu ali ndi yankho la mbali yaikulu ya funsoli, ndipo yankholo ndi lolemera kuposa momwe ambiri amaganizira.

## Wobetcha wa phindu ndi ndani?

Munthu amene wawina sabata ino sitingamutche wobetcha wa phindu pa chifukwa chokhacho. Wa phindu ndi amene amagula mabeti pa mtengo wabwino kuposa mwayi weniweni wa chinthucho. Maodzi ndi mtengo. Maodzi a 2.00 amatanthauza kuti mukaika K1,000 n'kuwina, mulandira K2,000, ndipo kuti musapindule kapena kuluza muyenera kuwina theka la mabeti anu. Maodzi a 5.00 amafuna kuti muziwina beti imodzi mwa zisanu. Amene amawina kuposa mlingo umenewu, kwa nthawi yaitali, ndiye wa phindu.

Kampani imadziteteza poika maodzi otsika pang'ono. Pa masewero amene mbali zonse zili ndi mwayi wofanana, mtengo wachilungamo ndi 2.00 uku ndi uku, koma pa bolodi mumapeza monga 1.90 ndi 1.90. Wongolotera amawina K900 akalondola, n'kuluza K1,000 akaphonya, choncho pa avareji amataya K50 pa K1,000 iliyonse. Uku ndiko kudya kwa kampani, ndipo aliyense wofuna phindu ayenera kuyamba wakwirira dzenje limeneli.

M'nkhani yonseyi titsatira munthu mmodzi wongoyerekeza. Amaika K1,000 pa beti iliyonse, pa maodzi a 2.00, ndipo mwayi wake weniweni wowina ndi 53 pa 100. Pa mabeti 100, avareji yake ndi kuwina 53 ndi kuluza 47, kutsala ndi K6,000, kapena K60 pa beti iliyonse. Phindu la 6 peresenti lingaoneke laling'ono, koma pa mpira ndi lalikulu zedi, ndipo owerengeka okha ndi amene amalisunga kwa zaka. Tamupatsa dala luso lochuluka kuti tione zomwe zimagwera ngakhale katswiri.

## Kumene nzeruzi zinachokera

Masamu a mwayi anabadwira pa juga. Mu 1654, Blaise Pascal ndi Pierre de Fermat a ku France ankalemberana makalata okambirana momwe angagawire ndalama za masewero amene aduka asanathe. Mu 1713 munatuluka buku la Jacob Bernoulli wa ku Basel, iye atamwalira kale, lomwe linatsimikizira kuti chinthu chikabwerezedwa kambirimbiri, zotsatira zake zimayandikira mwayi wake weniweni. Abraham de Moivre, mu 1733, anaonjezera chinthu chofunika kwambiri kwa wobetcha: anasonyeza liwiro la kuyandikirako, ndipo liwirolo ndi la kamba.

Chovuta n'chakuti mtima wa munthu umafuna lamulo la Bernoulli ligwire ntchito msanga. Pa 18 Ogasiti 1913, ku kasino ya Monte Carlo, kampira ka pa gudumu la juga kanagwera pa mtundu wakuda ka 26 motsatizana, ndipo anthu anataya chuma chambiri akuunjika ndalama pa wofiira poganiza kuti nthawi yake yakwana. Mu 1971, Amos Tversky ndi Daniel Kahneman anasonyeza kuti ngakhale akatswiri ochita kafukufuku amakhulupirira mopitirira muyeso zotsatira zochokera pa zitsanzo zochepa. Mnyamata wa kabaza amene waona timu itawina katatu n'kunena kuti singagonjenso ali m'gulu limodzi ndi anthu ophunzira kwambiri.

Kuno kwathu, lamulo la 1996 ndilo linakhazikitsa bungwe la Malawi Gaming Board, ndipo lamulo la 2022 linabweretsa Malawi Gaming and Lotteries Authority. Makampani monga Premier Bet ndi betPawa anafikitsa kubetcha m'matauni ang'onoang'ono ndi m'mafoni. Chimene sichinafike pamodzi nawo ndi chiphunzitso cha momwe manambala amayendera.

## Phindu limayenda pang'onopang'ono, mwayi umagwedeza mwamphamvu

Mwini chilimila wa ku Senga Bay amadziwa kuti usiku umodzi sunena zoona za ukonde wake. Amagula mafuta a injini, amayatsa nyali, anyamata amapita pa nyanja, n'kubwera ndi usipa wosakwana ndowa. Mawa lake bwato limabwera lodzaza. Ubwino wa ukondewo umaoneka pa chaka chonse, ndipo amene alibe ndalama ya mafuta yodutsira masiku oipa amagulitsa injini ngakhale ukonde wake uli wabwino. Kufanana kwake kumathera pamenepa, chifukwa mwera uli ndi nyengo yake ndipo msodzi amadziwa kuti pofika Seputembala nyanja idzakhala bata, pomwe kuluza kwa wobetcha kulibe mwezi wothera.

Kugwedezeka kwa zotsatira kumeneku akatswiri a masamu amakutcha variyansi, ndipo kumayezeka. Kwa munthu wathu, beti iliyonse imamukweza ndi K1,000 kapena kumutsitsa ndi K1,000, pomwe phindu lake lenileni ndi K60 yokha. Phokoso ndi lalikulu kuposa uthenga maulendo oposa 16. Chimamupulumutsa n'chakuti zinthu ziwirizi sizikula mofanana. Phindu limakula molingana ndi chiwerengero cha mabeti: mabeti akachuluka kanayi, phindu limachuluka kanayi. Kugwedezeka kumakula molingana ndi sikweya ruti ya chiwerengerocho, kutanthauza kuti mabeti akachuluka kanayi, iko kumangochuluka kawiri. Chifukwa chake n'chakuti mwayi wabwino ndi woipa umafafanizana pang'ono, koma sufafanizana wonse.

Tiyeni tione pa ndalama. Pa mabeti 100, phindu loyembekezeka ndi K6,000, koma kugwedezeka kwa masiku onse ndi K10,000 kupita m'mwamba kapena pansi. Choncho kutsiriza ndi phindu la K16,000 n'kwachibadwa, ndipo kutsiriza ataluza K4,000 n'kwachibadwanso. Tikatenga anthu ambiri a luso lomweli, pafupifupi mmodzi mwa anayi aliwonse adzakhala ataluza pambuyo pa mabeti 100. Pa mabeti 400, phindu loyembekezeka ndi K24,000 ndipo kugwedezeka ndi K20,000, kotero kuti oluza atsika kufika pafupifupi 11 pa 100. Pa mabeti 1,000, phindu ndi K60,000, kugwedezeka ndi K31,600, ndipo oluza atsala atatu pa 100.

Tsopano titembenuze nkhaniyi, chifukwa mbali inayi ndiyo imapweteka anthu ambiri. Wongolotera uja, amene amataya K50 pa beti iliyonse pa maodzi a 1.90, amafunika kulondola ka 53 pa mabeti 100 kuti akhale ndi phindu. Zimenezi zimachitikira anthu atatu mwa khumi aliwonse, popanda luso lililonse. Ndiye kuti m'kanyumba koonetsera mpira ku Senga Bay, anyamata khumi akabetcha kwa miyezi iwiri, atatu angathe kutulutsa kope loonetsa phindu n'kukhulupirira ndi mtima wonse kuti apeza njira, pomwe katswiri weniweni wakhala pakona ali ndi kope lofiira. Mabeti 100 sasiyanitsa awiriwa.

Kuti phindu loyembekezeka likule kawiri kuposa kugwedezeka, umene ndi mlingo umene anthu ambiri a masamu amayambira kukhulupirira zotsatira, munthu wathu amafunika mabeti pafupifupi 1,100. Ligi yaikulu ya m'dziko muno ili ndi matimu 16, masewero 240 pa sizoni. Atabetcha kamodzi pa masewero onse, osadumphako, zingamutengere masizoni opitirira anayi. Ndipo phindu lake likanakhala 2 peresenti m'malo mwa 6, chiwerengero chofunika chikanakwera kufika pa mabeti 10,000, chifukwa phindu likachepa katatu, mabeti ofunika amachuluka kasanu n'kanayi.

## Kutalika kwa mndandanda wa kuluza

Mwayi woti munthu wathu aluze beti imodzi ndi 0.47. Kuti aluze zisanu zotsatizana, timachulukitsa 0.47 kasanu, ndipo timapeza pafupifupi 2 pa 100. Kuluza khumi motsatizana ndi pafupifupi kamodzi pa 1,900. Apa ndi pamene anthu amanamizika. Amaona nambala yaing'onoyo n'kunena kuti sizingawachitikire. Koma nambalayo ikunena za mabeti khumi amene ali patsogolo panu lero. Munthu wobetcha chaka chonse amapatsa mndandanda woipa mipata mazanamazana yoyambira, pakuti pambuyo pa kuwina kulikonse ungayambe.

Pali njira yachidule yowerengera mndandanda wautali kwambiri umene munthu angayembekezere. Ngati n ndi chiwerengero cha mabeti, p ndi mwayi wowina, ndipo q ndi mwayi woluza:

```
L ≈ ln(n × p) / ln(1 / q)
```

Kakyuleta ya pa foni, mukaitembenuza chopingasa, nthawi zambiri imaonetsa batani la ln. Kwa munthu wathu, pa mabeti 100 yankho ndi zisanu kapena zisanu n'chimodzi. Pa mabeti 1,000 ndi zisanu n'zitatu kapena zisanu n'zinayi. Pa mabeti 1,000 omwewo, mwayi wokumana ndi kuluza ka 7 motsatizana umaposa 90 pa 100, ndipo wokumana ndi ka 10 ndi pafupifupi umodzi mwa inayi. Ameneyu ndi munthu amene amawina kawirikawiri kuposa kuluza, amene chaka chikamatha amakhala ndi phindu.

Zinthu ziwiri zikuonekera m'masamuwa. Choyamba, mndandandawo ulibe denga. Mabeti akamachuluka, nawo umatalika, ngakhale pang'onopang'ono: pa mabeti 10,000 umafika cha pa 11 kapena 12. Chachiwiri, kuluza kasanu n'kawiri sikusintha mwayi wa beti yachisanu n'chitatu. Umakhalabe 53 pa 100. Masewero a Mafco Loweruka sadziwa kuti Arsenal inakupherani tikiti Lachitatu.

## Maodzi akakwera, zonse zimatalika

Chimene chimatalikitsa mndandanda kwambiri ndi kukula kwa maodzi, osati kuchepa kwa luso. Tiyeni timusiye munthu wathu ndi phindu lake la 6 peresenti, koma azibetcha pa maodzi a 5.00. Tsopano amawina pafupifupi 21 pa 100. Pa mabeti 1,000, mndandanda wake wautali umakhala cha pa 22 mpaka 25, ndipo mwayi woti ufike 30 ndi pafupifupi 15 pa 100. Kugwedezeka kwa beti iliyonse kwakwera kuchoka pa K1,000 kufika pa K2,040, kotero kuti mabeti ofunika kuti luso lake lioneke akwera kufika cha pa 4,600. Phindu la pa beti silinasinthe, ndi K60 yomwe ija.

Izi zikutifikitsa pa tikiti imene anthu ambiri ku Salima amadula: matimu asanu ndi atatu kapena khumi pa pepala limodzi, K200 yofuna kubala masauzande. Tikiti ya matimu asanu ndi atatu, iliyonse pa 1.50, imapereka maodzi a 25.63. Ngati kampani ikudya 5 peresenti pa timu iliyonse, kudyako kumachulukitsana, ndipo pa K1,000 iliyonse wobetcha amabwezeredwa K663 pa avareji. Tikiti yotere imalowa kamodzi pa maulendo pafupifupi 39. Dandaulo loti timu imodzi yokha ndiyo yapha tikiti limamveka tsiku lililonse chifukwa ndi mmene masamu ake alili: kulondola zisanu n'ziwiri n'kuphonya imodzi kumachitika kanayi kapena kasanu kuposa kulondola zonse. Munthu amamva ngati anatsala pang'ono, pomwe wangoona chinthu chachizolowezi.

Ngakhale titayerekeza katswiri amene ali ndi phindu la 6 peresenti pa matikiti a maodzi 25, mndandanda wake wautali pa matikiti 1,000 ungafike pakati pa 85 ndi 100. Kuti atsimikize luso lake angafunike matikiti pafupifupi 28,000, zomwe pa matikiti khumi pa sabata ndi zaka zoposa 50. Amene akunena kuti amapindula ndi matikiti ataliatali alibe njira yodziwira zimenezo m'moyo wake wonse, chifukwa tikiti imodzi yaikulu ndiyo imalamula kope lonse.

## Kutsika kwa mpamba kumaopsa kuposa mndandanda

Anthu amawerenga kuluza kotsatizana chifukwa n'kosavuta kuona, koma chimene chimathetsa mpamba nthawi zambiri sichioneka choncho. Munthu amaluza zitatu, awina imodzi, aluza zinayi, awina ziwiri, aluzanso zitatu. Palibe mndandanda wochititsa mantha, koma ndalama zikutsetsereka. Kwa munthu wathu wa 53 pa 100, gawo lililonse la mabeti 200 lili ndi mwayi pafupifupi umodzi mwa isanu wotha ali pansi pa pomwe anayambira. Pa mabeti khumi pa sabata, imeneyi ndi miyezi pafupifupi isanu ya kugwira ntchito popanda chooneka. Ndipo pa mabeti 1,000, kutsika ndi masiteki 20 kuchoka pamene anafika pamwamba ndi chinthu choyenera kuchiyembekezera.

Funso la ngati mpamba udzapirira lili ndi yankho lachindunji pa maodzi a 2.00. Mwayi wothetsa mpamba wonse ndi q/p yochulukitsidwa yokha maulendo ofanana ndi masiteki amene muli nawo. Apa q/p ndi 47 kugawa ndi 53, pafupifupi 0.887. Tiyerekeze kuti mpamba ndi K50,000. Akamaika K5,000 pa beti, ali ndi masiteki khumi, ndipo mwayi woti tsiku lina atsale opanda kanthu ndi 30 pa 100. Akamaika K2,500, utsika kufika 9 pa 100. Akamaika K1,000, utsika kufika pafupifupi kamodzi pa 400. Luso ndi lomwelo, matimu ndi omwewo. Chasintha ndi kukula kwa siteki kokha.

Mu 1956, John Kelly wa ku Bell Labs ku America anatulutsa njira yowerengera siteki imene imakulitsa mpamba mofulumira kwambiri: phindu lanu kugawa ndi maodzi ochotserako 1. Kwa munthu wathu ndi 6 peresenti ya mpamba pa maodzi a 2.00, ndi 1.5 peresenti pa maodzi a 5.00. Njirayi ili ndi mano. Woitsatira ndendende ali ndi mwayi wa theka woti nthawi ina mpamba wake udzatsika kufika theka la umene anayamba nawo. Akamaika theka la zimene Kelly akunena, mwayi umenewo umatsika kufika pafupifupi umodzi mwa isanu n'itatu. Choopsa chachikulu n'chakuti palibe amene amadziwa phindu lake lenileni. Munthu akaganiza kuti ali ndi 6 peresenti pomwe ali ndi 3, ndiye kuti akuika kawiri mlingo wa Kelly, ndipo pa mlingo umenewo mpamba sukulanso ngakhale luso lilipo. N'chifukwa chake obetcha osamala amakhala pa 1 kapena 2 peresenti ya mpamba.

Njira yowirikiza siteki ukaluza, imene achinyamata ambiri amaiona ngati nzeru yatsopano, imagwa pa mndandanda womwe tawerenga kale. Kuyamba ndi K500 n'kumawirikiza, kuluza kasanu n'kawiri kumadya K63,500, ndipo beti yotsatira imafuna K64,000 kuti mupeze phindu la K500. Taona kuti kuluza ka 7 motsatizana kuli pafupifupi kotsimikizika kwa wobetcha nthawi yaitali. Ndalama yotereyi kunyanja kuno kawirikawiri imachokera ku mpamba wa geni ya nsomba, ku fizi ya mwana kapena ku katapila, ndipo apa ndi pamene masamu amasanduka mavuto a pabanja.

## Zimene akatswiri amagwirizana ndi zimene amatsutsana

Pa masamu amene tafotokozawa palibe mkangano. Mkangano uli pa momwe munthu angadziwire msanga ngati ali ndi luso, popeza kudikira mabeti 1,100 n'kokwera mtengo.

Gulu lina limati kope la phindu ndilo mboni yokhayo, ndipo zina zonse ndi nkhambakamwa. Vuto la maganizowa taliona kale: mboniyo imachedwa kulankhula. Palinso vuto la kusankha. Anthu 1,024 atalotera masewero khumi a mwayi wofanana, pa avareji mmodzi amalondola onse khumi. Ameneyo ndiye amajambula matikiti ake n'kuyamba kugulitsa maodzi pa WhatsApp, ndipo ena 1,023 samveka. Kope limene layamba kuwerengedwa munthu atawina kale silitsimikizira kanthu. Loyenera ndi limene beti iliyonse inalembedwa masewero asanayambe, yowina ndi yoluza yomwe.

Gulu lachiwiri limayang'ana mtengo wotsekera, kutanthauza maodzi omaliza masewero atatsala pang'ono kuyamba. Pofika nthawi imeneyo mndandanda wa osewera watuluka, za ovulala zadziwika, ndipo ndalama za anthu odziwa zalowa, kotero kuti mtengowo umayandikira mwayi weniweni. Ngati munabetcha pa 2.10 m'mawa ndipo madzulo mtengo watsekera pa 1.90, munagula bwino, kaya timu iwine kaya igonje. Ubwino wa muyeso umenewu ndi woti sugwedezeka kwambiri ngati zigoli, choncho mabeti mazana ochepa amatha kuonetsa kumene zinthu zikulowera. Pa ligi ya ku England, kumene ndalama zambiri za dziko lonse zimakumana, umboni wake ndi wamphamvu. Pa masewero a Silver Strikers ndi Mighty Wanderers nkhani ndi ina. Msika wake ndi waung'ono, mtengo ungasunthe chifukwa cha chikondi cha ochemerera, ndipo mtengo wotsekera sungakhale woweruza wodalirika. Komanso ndi m'misika yaing'ono yotereyi momwe munthu wodziwa za pabwalo, za ulendo wa timu ndi za osewera amene sanalipidwe angakhale ndi mwayi weniweni wopambana kampani. Kumene luso lingapezeke mosavuta ndi kumene kuli kovuta kulitsimikizira.

Gulu lachitatu limafunsa funso lina: munthuyu tisanaone kope lake, kodi mwayi woti ndi wa phindu unali wotani? Popeza obetcha a phindu ndi ochepa kwambiri, munthu amene waluza pa mabeti 300 mwachidziwikire ali m'gulu lalikulu la oluza kusiyana ndi kukhala katswiri amene wagwa m'nyengo yoipa. Maganizo amenewa ndi owawa koma ndi olondola, ndipo ayenera kumveka bwino, chifukwa chiphunzitso cha variyansi chingasanduke chonamizira. Mawu oti ndi nyengo chabe ndi oona kwa munthu amene ali ndi phindu lenileni. Kwa amene alibe, kupirira kumangochulukitsa K50 ija ndi chiwerengero cha mabeti. Pa masewero a pa kompyuta monga mpira wongopanga ndi kandege ka Aviator, funsoli silibuka n'komwe, popeza gawo la kampani linaikidwiratu m'makinawo ndipo palibe chidziwitso cha mpira chimene chingalisinthe.

Palinso chinthu chimene masamu athu anangochiyerekeza, choti mwayi wa 53 pa 100 sukusintha. M'moyo weniweni umasintha. Kampani imakonza mitengo yake, imatha kuchepetsa siteki ya kasitomala amene akuwina kawirikawiri, ndipo msonkho wa pa zowina ndi ndalama yotulutsira pa foni zimadya gawo la phindu laling'onolo. Mabeti ena amakhalanso omangana: kubetcha kuti Bullets iwina ndi kubetchanso kuti igoletsa zigoli ziwiri ndi pafupifupi beti imodzi yolembedwa kawiri, choncho kope la mabeti 500 lingakhale ndi umboni wa mabeti 300 okha. Zonsezi zimatalikitsa nyengo zoipa kuposa momwe fomula ikunenera.

## Kuwerenga kope lanu

Kope lothandiza limakhala ndi tsiku, masewero, maodzi amene munatenga, siteki, maodzi otsekera ndi zotsatira. Siteki ikhale yofanana, chifukwa kope la masiteki odumphadumpha limaonetsa mwayi wa mabeti akuluakulu awiri kapena atatu basi. Mukafuna kudziwa ngati kuluza kwanu kuli m'malire, werengani kugwedezeka motere: siteki kuchulukitsa ndi sikweya ruti ya maodzi ochotserako 1, kuchulukitsanso ndi sikweya ruti ya chiwerengero cha mabeti.

Titenge munthu amene wabetcha ka 400 pa K1,000, maodzi a 2.00, akukhulupirira kuti ali ndi 6 peresenti. Amayembekezera K24,000, kugwedezeka kwake ndi K20,000. Ngati kope likuonetsa kuti waluza K5,000, ali K29,000 pansi pa chiyembekezo, pafupifupi kugwedezeka kumodzi ndi theka. Zimenezi zimagwera katswiri weniweni kasanu ndi kawiri pa 100, choncho sizikutsutsa luso lake kotheratu, koma zikugwirizana bwino kwambiri ndi munthu wopanda phindu, ndipo ndi nthawi yochepetsa siteki n'kuyang'ana mitengo yotsekera. Ngati waluza K30,000, ali K54,000 pansi pa chiyembekezo, kugwedezeka kuwiri ndi magawo asanu n'awiri a khumi. Kwa munthu wa 6 peresenti zotere zimachitika kosakwana kamodzi pa 200, ndipo chanzeru n'kuvomereza kuti 6 peresentiyo panalibe.

Malire amenewa ayenera kulembedwa pa tsamba loyamba la kope beti yoyamba isanaikidwe: mpamba ndi wakuti, siteki ndi yakuti, ndipo ukatsika kufika pakuti ndisiya. Munthu amene waluza kasanu n'kawiri motsatizana, foni ili m'manja ndipo masewero ena akuyamba pakatha mphindi khumi, sangathe kuwerengera bwino malire otere, ndipo nthawi zambiri amawasuntha kuti apeze mpata wa beti inanso.